Funso 7: ana anzeru ndi amene alakwa, ndichonge bwanji?

Madamu a Sayansi: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni ndisanabweze mapepala. Pa gawo la zoona kapena zabodza ndinalemba kuti: "Madzi nthawi zonse amawira pa madigiri 100." Pa pepala langa la mayankho ndinaika zoona. Ndachonga mapepala 48, ndipo ndadabwa. Mwa ana khumi amene akhoza kwambiri mayeso onsewa, asanu ndi awiri alemba zabodza. Mwa khumi a kumunsi, asanu ndi atatu alemba zoona. Mmodzi mwa asanu ndi awiri aja wachita kulemba m'mbali ndi pensulo kuti "nanga paphiri?" Mtima sukundilola kumuthetha.

Sala wa Fomu 2: Madamu, kodi sanaonerane? Ana asanu ndi awiri kulakwa funso limodzi mofanana, ine ndikanayamba ndaona mmene anakhalira.

Madamu a Sayansi: Ayi Sala, anakhala motalikirana. Komanso mayankho alipo awiri okha, ndiye aliyense wolakwa amalakwa mofanana ndi mnzake.

Wakale pa Choko: Mwana wa pensuloyo akunena zoona, Madamu. Madzi amawira pa madigiri 100 akakhala opanda zosungunukamo, ndiponso mpweya ukamawapanikiza monga umachitira pamalo otsika, ofanana ndi nyanja yamchere. Mukamakwera, mpweya umapepuka ndipo madzi amawira asanafike pa 100. Amatsika pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 aliwonse, moti pamwamba pa phiri la Everest amawira cha m'ma 70. Mumphika wotseka ndi nthunzi yomwe amapitirira mpaka cha m'ma 120. Inu mumafuna kudziwa ngati ana akukumbukira nambala ija, koma mutangoikapo "nthawi zonse" funso linasintha, linayamba kufunsa ngati pali malo ngakhale amodzi pomwe zimenezi sizichitika. Malo amodzi okhawo ndi okwanira kugwetsa chiganizo chonse. Kuwerenga komwe mwachitaku, khumi apamwamba ndi khumi apansi, ndi njira yake yeniyeni. Okhoza akamagwa pomwe ofooka akudutsa, kayikirani funso musanakayikire ana.

Sala wa Fomu 2: N'chifukwa chake ine ana anga ndimawauza kuti akaona "nthawi zonse", "onse", "palibe" kapena "okha", alembe zabodza basi. Sizilephera.

Mayi wa Masamu: Zimalephera, achimwene, bwerani kwanga mudzaone. "Nambala iliyonse yothera ndi 0 imagawika ndi 5." Pamenepo palibe pothawira, ndi zoona. Koma "kuchulukitsa nthawi zonse kumabweretsa nambala yayikulu" ndi zabodza, chifukwa 8 kuchulukitsa ndi theka ndi 4. Mwana wa lamulo lanulo akhoza chimodzi n'kulakwa chinacho, osadziwa chifukwa chake pa zonse ziwiri.

Wakale pa Choko: Sala akulondola mbali imodzi, ndipo mbaliyo ikutitsutsa ife olemba mafunso. Tikafuna chiganizo chabodza mwachangu timatenga choona n'kuchimata "zonse": mbalame zonse zimauluka, zitsulo zonse n'zolimba. Ana amatiphunzira msanga. Amalemba zabodza asanaganizepo za nthiwatiwa kapena mekyule, n'kulandira malikisi. Ndinatengapo mapepala anga akale n'kuwerenga ziganizo za mtundu umenewu. Zinalipo 14, ndipo 13 yankho lake linali zabodza. Kuyambira pamenepo ndikalemba chabodza chokhala ndi "zonse", ndimalembanso choona chokhala ndi mawu omwewo. Zomwezonso ndi "nthawi zina" ndi "kawirikawiri", amene timakonda kuwasungira ziganizo zoona zokha.

Madamu a Sayansi: Ndiye ndikanangochotsa mawuwo? "Madzi amawira pa madigiri 100."

Mayi wa Masamu: Vuto likanachepa koma osatha. Ka "ma" ka mu "amawira" kakunena kale za chizolowezi, ndiye mwana wina amva "kawirikawiri", wina amva "nthawi zonse". Tchulani malire: "Pamalo ofanana ndi nyanja yamchere, mumphika wosavindikira, madzi opanda zosungunukamo amawira pa madigiri 100." Ndi lalitali, koma yankho ndi limodzi. Ine ndisanasindikize ndimayamba ndafufuza ndekha chitsanzo chotsutsa chiganizo chilichonse. Ndikachipeza pomwe ndinaika zoona, ndimalembanso.

Sala wa Fomu 2: Chabwino, nanga malikisi a lero? Ine ndikuti sinthani yankho likhale zabodza, muchongenso.

Wakale pa Choko: Pamenepo ndikukana. Olemba zoona analemba zomwe anaphunzitsidwa. Funsolo lichotsedwe kwa onse, mayeso akhale pa 19.

Mayi wa Masamu: Koma mukatero mwana wa pensulo uja sapindula kanthu, chonsecho ndi iye anawerenga funso bwino kuposa tonse.

Madamu a Sayansi: Ndayang'ana m'makope awo. Za paphiri ndinangozitchula pakamwa tsiku limodzi, sanazilembe, ndiye sindingawalange olemba zoona. Ndichotsa funso 7, ndipo mawa ndililemba pa bolodi kuti mwana uja afotokozere anzake "nanga paphiri?" yakeyo. Za malikisi ake owonjezera ndikambirana kaye ndi mkulu wa dipatimenti, chifukwa sindikudziwa kuti mwa ena asanu ndi mmodzi aja ndi angati anaganiza za phiri, ndi angati anangotsata lamulo la a Sala.