Asayimenti ya valiyu tcheni ndi SWOT pa kampani ya mowa, thandizeni

Wobisa dzina: Abale, asayimenti ya masamba 8 ikufunika Lachisanu. Gulu lathu ndife anthu 4 koma awiri sayankha foni, laputopu yanga chaja chinapsa, alekichala nawonso anandibwezera ntchito yoyamba atangolemba "sizikugwirizana". Mu SWOT, ija ya mphamvu, zofooka, mwayi ndi ziopsezo za kampani, ndinaika kusowa kwa ndalama zakunja pa zofooka, ndinajambulanso valiyu tcheni yonse ya Porter, ija yoonetsa ntchito za kampani kuyambira pobweretsa zipangizo mpaka katundu kufika kwa wogula. Ndalakwa pati?

Mjomba wa Ndirande: Kampani yake iti? Za chaja mwatiuza, dzina la kampani ayi.

Mayi Akawunti: Mwalakwa pa ndalama zakunja pomwepo achimwene. Mphamvu ndi zofooka ndi za m'kati mwa kampani, zimene mabwana ake angasinthe okha. Kusowa kwa madola sikuchokera m'fakitale, n'chiopsezo. Chofooka chake n'chakuti kampaniyo imadalira chimera cha balere ndi hopusi zochokera kunja. Mukalemba chonchi ziwirizi zimalumikizana: chofookacho ndiye khomo limene chiopsezo chikulowera. Ngati ndi Castel Malawi, onetsani ndi masamu. Mu Novembala 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chimera cha madola 1,000 chomwe chinkagulidwa K1,180,000 chinafika pa K1,700,000, thumba osawonjezera ngakhale limodzi. Ndime imodzi yotere imaposa mndandanda wa mfundo khumi.

Che Bwanali: SWOT n'njachikale, pangani PESTLE basi, ija yoona zakunja kwa kampani monga ndale, chuma ndi malamulo.

Mayi Akawunti: Afunsidwa SWOT, Che Bwanali. Mumusokoneza mwana wa eni. Komanso "sizikugwirizana" uja ndikuganiza akunena kuti tcheni ili kwayokha, SWOT kwayokha. Mphamvu ndi zofooka zonse zizichokera m'tcheni mwajambulayo. Porter anaika ntchito zikuluzikulu 5 ndi zothandizira 4, koma musazipatse malo ofanana. Pa mowa nkhani yagona pa kubweretsa zipangizo, kufulula, ndi kutumiza kumsika.

Wa m'fakitale: Pa kufulula anthu amangolemba "amapanga mowa" n'kudutsa. Lagala imakhala m'matanki masabata, osati masiku, ndipo matankiwo ayenera kukhala ozizira nthawi yonseyo. Ndiye kuchuluka kwa mowa umene fakitale ingatulutse kumayendera matanki, ngakhale makina othira m'mabotolo akhale othamanga bwanji. Magetsi akathima jenereta iyenera kulira, apo ayi mowa utentha, kukoma kusintha. Dizilo ameneyo alowe pa mtengo wofululira. Musaiwalenso mabotolo obweza. Botolo ndi kreti ndi katundu wa kampani amene amayenda ulendo wopita ndi wobwerera. Akachedwa m'mabala, mowa umakhala uli m'thanki koma pothira palibe.

Mjomba wa Ndirande: Ndimati kreti yanga ija ndi mpando, kani ndi valiyu tcheni.

NaPhiri: Mphamvu yaikulu ndi mbiri. Carlsberg anamanga fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark. Lembani kuti eni ake ndi a ku Denmark, ali ndi ndalama.

Mayi Akawunti: Za 1968 n'zoona, koma a Castel a ku France anagula magawo a Carlsberg mu 2016. Mabuku akale akupusitsani pamenepo. Zakumwa za Coca-Cola nazonso zinachoka m'manja mwa Castel Malawi, musaziike m'tcheni. Ndipo zaka pazokha si mphamvu. Funsani kuti zakazo zabereka chiyani chimene wina sangakopere msanga, monga madepo, magalimoto, ndi anthu ozolowera kuitanitsa Green kapena Kuche Kuche ndi dzina.

Wa m'fakitale: Tonse tathamangira Castel. Ikakhala Chibuku zonse zatembenuka. Chimanga ndi mapira n'zakonkuno, mowawo umapitiriza kuwira m'paketi ndipo sukhalitsa, ndiye fakitale iyenera kukhala pafupi ndi omwa. Chiopsezo chake ndi mtengo wa chimanga chaka cha chilala, ndi masese ndi kachasu za m'makwalala.

Che Bwanali: Kachasu si mpikisano, alibe laisensi.

NaPhiri: Wakumwa safunsa laisensi, amafunsa mtengo.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Nanga manambala a phindu ndiwapeza kuti? Chaja ndabwereka.

Mayi Akawunti: Castel Malawi sili pa msika wa masheya, malipoti ake sapezeka chisawawa. Ngati alekichala alola kusintha, Zambian Breweries ndi Delta ya ku Zimbabwe amasindikiza malipoti chaka ndi chaka. Ya ku Zambia ilinso ndi chitsanzo chabwino cha mwayi, mowa wa Eagle wa chinangwa cha alimi akomweko. Koma musatenge manambala awo n'kuwamata pa kampani ya kuno.

Mjomba wa Ndirande: Kampani ija simunaitchulebe.