Kugawa salale m'magawo atatu: penshoni ndi msonkho tizidula pati?

Kalaliki Watsopano

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimakonza malipiro a anthu 14. Mpaka mwezi watha aliyense peyisilipi yake inali ndi mzere umodzi wokha wa salale. Tsopano abwana akuti tigawe: 60 peresenti besiki, 25 alawansi ya nyumba, 15 ya mayendedwe. Wina amene amalandira 600,000 zikutuluka chonchi: besiki 360,000, nyumba 150,000, mayendedwe 90,000. Iwo akuti penshoni ndi msonkho ndizidula pa besiki pokha, ndiye kuti anthu azitenga zambiri m'manja. Penshoni yathu wantchito amapereka 5 peresenti, kampani 10. Mtima wanga sukukhazikika, koma ndilibe choti ndiwayankhe.

Wogula Katundu

Abwana anuwo akunena zoona. Alawansi salipira msonkho. Ine ndikapita kukagula katundu kunja kwa tauni amandipatsa ya mafuta ndi yogonera, ndipo sanandidulepo ngakhale kamodzi.

Mayi a Malipiro

Achimwene ogula katundu, zanuzo ndi zoona koma ndi nkhani ina. Ndalama imene amakupatsaniyo ndi yobweza zomwe mwawononga pa ntchito ya kampani. Pali ulendo, pali tsiku, pali lisiti. Siinakulemeretseni, yangotseka dzenje lomwe ulendo unakumba m'thumba mwanu. Koma 90,000 imene mnzathuyu akunena ikulowa mwezi ndi mwezi, kaya munthu wayenda kaya wagona pakhomo, ndipo palibe wofunsa lisiti. Imeneyo ndi malipiro amene angovekedwa dzina lina. Otolera msonkho sayang'ana dzina la mzere, amayang'ana kuti ndalamayo yaperekedwa chifukwa chani. Yochokera kunyumba kupita kuntchito nthawi zambiri amaiona ngati nkhani ya mwini wake, osati ulendo wa kampani.

Choncho, mchemwali, pa msonkho yambani ndi 600,000 yonse. Chotsani chokhacho chimene mungachiloze ndi chala m'lamulo la msonkho kuti ichi chakhululukidwa. Mukadula pa 360,000 pokha, ndiye kuti 240,000 mwezi uliwonse ikudutsa osaonedwa, ndipo tsiku lobwera ofufuza mabuku wofunsidwa ndi wolemba ntchito, chifukwa udindo wodula ndi kutumiza ndi wake. Adzalipira zotsalirazo, chindapusa pamwamba.

Kalaliki Watsopano

Zikomo mayi. Ndiye kuti pa msonkho palibe chimene chikusintha? Nanga kugawaku phindu lake lili pati?

Mayi a Malipiro

Lili ku penshoni, ndipo werengani bwino muone kuti likugwera ndani. Kale wantchitoyo amapereka 5 peresenti ya 600,000, yomwe ndi 30,000, kampani n'kuikapo 60,000. M'thumba lake la penshoni mumalowa 90,000. Mukatengera pa besiki, iye apereka 18,000, kampani 36,000, zonse pamodzi 54,000. Thumba lachepa ndi 36,000 pamwezi, pachaka 432,000, tisanawerengere phindu limene ndalamayo ikanabereka.

Tsono iyeyo m'manja mwake mwawonjezeka zingati? 12,000 basi, ndipo ndi yake yomwe, imene kale imapita kukasungidwa. 24,000 inayo yatsala ku kampani. Ngatinso kwanuko chopereka cha wantchito ku penshoni chimachotsedwa msonkho usanawerengedwe, 12,000 ija nayo ikadulidwa. Titati mlingo wake wapamwamba ndi 30 peresenti, yofika m'manja ndi 8,400. Munthu akaona peyisilipi yakwera amathokoza, osadziwa kuti wataya kuposa pamenepo. Zimandipweteka chifukwa ambiri amadzazindikira akupuma ntchito, pamene palibenso chokonza.

Mphunzitsi Wopuma

Ine ndinakhala zaka zambiri m'nyumba ya sukulu ina imene ndinkaphunzitsa, lendi osalipira, ndipo nyumbayo sinkaoneka pa penshoni yanga. Ndiye nyumba siwerengedwa, musadzivute.

Mayi a Malipiro

Bambo aphunzitsi, inu anakupatsani makiyi, osati ndalama. Nyumba yeniyeni imene bwana wapereka malamulo ambiri amaiika payokha: amaiyerekeza mtengo mwa njira yawo, ndipo msonkho wake kwina umagwera wantchito, kwina wolemba ntchito. Apa tikunena 150,000 yolowa ku banki pamodzi ndi salale. Munthu atha kulipira nayo lendi, atha kulipira nayo fizi ya mwana.

Wowerengera Chuma

Ndikugwirizana nanu mayi pa msonkho, koma pa penshoni musawaopseze kwambiri. Alipo matumba amene malamulo ake amanena poyera kuti chopereka chizichokera pa besiki. Komwe ndimagwira kale zinali choncho ndipo palibe anatitsutsa.

Mayi a Malipiro

Alipodi, sindikukana. Nchifukwa chake yankho silichokera m'mutu mwanga kapena mwa abwana. Lili pa mapepala atatu, ndipo amaposana mphamvu. Loyamba ndi lamulo la penshoni la dziko lanu: pezani pamene likumasulira malipiro owerengedwa pa penshoni. Likanena kuti malipiro onse otsimikizika a mwezi ndi mwezi, alawansi yokhazikika yalowa, kaya muitche dzina lanji. Lachiwiri ndi malamulo a thumba lanu, amene atha kupereka zoposa lamulo koma sangatsike pansi pake. Lachitatu ndi kontirakiti ya munthuyo. Zoti palibe anakutsutsani, achimwene, sizikutanthauza kuti zinali bwino. Mwina sanabwere kudzaona.

Wowerengera Chuma

Anabwera kawiri konse. Koma chabwino, awerenge okha. Changa chowonjezera n'chakuti pa kompyuta musamange fomula pa mzere wa besiki. Ikani magawowo mu B2 mpaka B4, mu C muzilemba inde kapena ayi pa penshoni, mu D chimodzimodzi pa msonkho. Chopereka cha wantchito chizituluka chonchi:

```
=SUMIF(C2:C4,"inde",B2:B4)*0.05
```

Yankho likabwera kuti nyumba ikuwerengedwa koma mayendedwe ayi, mungosintha liwu limodzi, ndipo muona 25,500, kuchokera pa 510,000. Pofuna kugwira cholakwa, tengani ndalama imene yatumizidwa ku thumba pa munthu mmodzi muigawe ndi 0.15. Ikukuuzani malipiro amene anawerengedwa: 54,000 ikupatsani 360,000.

Kalaliki Watsopano

Ndatsegula makontirakiti lero masana. Onse 14 akungoti "salale ya pamwezi" ndi nambala imodzi, za alawansi mulibe. China chimene ndaona, ovataimu yathu timaiwerengera pa salale imeneyo. Besiki ikatsika kufika 360,000, ola la ovataimu nalonso litsika, si choncho?

Mayi a Malipiro

Litsika ngati mfundo yanu ikulozera ku besiki, ndipo muonenso ndalama za tchuthi ndi zolipira munthu ntchito ikatha, chilichonse chimene chimachulukitsidwa ndi salale. Popeza kontirakiti ili ndi nambala imodzi, kuigawa n'kutsitsa chopereka cha kampani ndi kusintha pangano. Musakuchite mwakachetechete pa peyisilipi. Anthuwo auzidwe ndi manambala onse, 12,000 ndi 36,000 yomwe, ndipo wovomera asaine. Lembelaninso oyendetsa thumba lanu muwafunse mwachindunji za alawansi ziwirizi, yankho libwere pa kalata, osati pa foni.

Wogula Katundu

Nanga akalemba 90,000 ija ngati ya maulendo a ntchito, aliyense n'kumabweretsa malisiti a mafuta?

Wowerengera Chuma

Anthu 14, malisiti okwana 15 peresenti ya salale ndendende, mwezi uliwonse, ngakhale mlonda? Wofufuza angoona tsamba loyamba.

Kalaliki Watsopano

Kalata ya ku thumba ndatumiza. Mwezi uno msonkho ndadula pa 600,000 ndipo penshoni ndaisiya pa 30,000 ndi 60,000 monga kale, mpaka ayankhe. Abwana sanakondwe, akuti tikambirane Lolemba. Ndikapita ndi pepala la 54,000 ndi 90,000 lija. Funso limene ndatsala nalo ndi la olembedwa atsopano awiri amene akuyamba mwezi wamawa, poti awo kontirakiti sanasaine.