A inshulansi andikanira, akuti ndinachedwa kunena za ngozi

Wobisa dzina: Abale ndithandizeni, tulo sindikupeza. Pa 3 Malichi Sienta yanga inawombana ndi minibasi pa Zalewa. Ankayendetsa ndi mlamu wanga, yemwe mpaka lero sanapepese, ngakhale ndalama zanga za feteleza sanabweze. Ine ndinagona m'chipatala masiku 12. Inshulansi yanga ndi ya kompulehensivu, yolipiranso zoonongeka pa galimoto yanga, ndipo ndinakanena pa 19 Meyi nditapeza lipoti la apolisi. Kalata yabwera, ikuyamba ndi kundipepesa kuti ndinavulala. Kenako akuti mgwirizano umapereka masiku 30, ine ndinatenga 77, ndipo ngakhale atachotsa a kuchipatala atsala 65. Akuti sangalipire. Nditani?

Bambo a Chisomo: Kupepesako ndi nyambo chabe! Potolera ndalama amathamanga, polipira amawerenga kalendala. Ine anandizunguza chaka chonse pa nkhani ya galasi lokha.

Mayi Nagama: Mlamuyo laisensi ali nayo? Yambirani pamenepo.

Wakale pa ntchitoyi: Kalatayo yalembedwa bwino, musaing'ambe. Kudziwitsa n'kwina, kupereka mapepala n'kwina. Mukanangoimba foni kapena kutumiza uthenga sabata yomweyo, lipoti la apolisi likanatsatira pambuyo. Amafuna kudziwa msanga kuti wowunika wawo aone galimoto isanakhudzidwe, komanso afunse a minibasi zinthu zisanaiwalike. Funso langa: galimoto ili kuti pano?

Bambo a Chisomo: Inu mukuwaikira kumbuyo chifukwa munkadya nawo. Akulu, pitani ku khoti mawa!

Tiyamike: Khoti ndi ndalama za mlamu? Kkkk

Wobisa dzina: Laisensi ali nayo. Galimoto ndinakonzetsa kale ku Ndirande mu Epulo, ndimatengera ana kusukulu. Kalatayo yatchulanso zimenezo, akuti wowunika sangasiyanitse zoonongeka pa ngoziyo ndi zakale.

Wakale pa ntchitoyi: Aa, nkhani yagona pamenepo, bwanji simunanene poyamba? Kuchedwa kokha nthawi zina amakumverani chisoni. Koma kukonzetsa asanaone kwawapatsa chifukwa chogwirika. Muli ndi zithunzi za tsiku la ngozi, ndi malisiti a kugalaja? Ndipo palibe amene munamuuza kumayambiriro?

Wobisa dzina: Zithunzi zilipo zitatu. Mnyamata amene anandigulitsa inshulansi ndinamuimbira ndili m'chipatala, anati ndidikire lipoti.

Mayi Nagama: Basi mwawina! Kuuza iyeyo ndi kuuza kampani.

Wakale pa ntchitoyi: Osathamanga mayi. Ngati ndi ejenti wa kampaniyo, mfundo ilipo. Ngati ndi buloka, woima payekha wogulitsa inshulansi za makampani osiyanasiyana, kawirikawiri amatengedwa kuti akuimira inuyo. Fufuzani tsiku la foniyo, mulembe kalata yopempha kuti aunikenso, muikemo zithunzi, malisiti ndi chikalata cha kuchipatala. Akakananso, kadandauleni ku Reserve Bank, ndiwo amayang'anira makampani a inshulansi.

Bambo a Chisomo: Makalata, makalata. Mudzandiuza.

Wobisa dzina: Vuto ndi loti foni imene ndinaimbira ija inabedwa pa depoti ya Wenela.