Bu ndi mei zandizunguza mutu

Akuluakulu amene mumayankhula Chimandarini, ndithandizeniko pa bu ndi mei. Ndimadziwa kuti wo bu chi rou ndi chizolowezi, sindidya nyama, pomwe wo mei chi rou ndi zachitika kale, sindinadye nyama. Apa zikumveka. Koma dzulo ndimafuna kunena kuti sindinkafuna kupita, ndinalemba zuotian wo mei xiang qu, poti ndi za dzulo. Aphunzitsi anadula mei n'kuikapo bu. Akuti ndi mei tanthauzo limapendekera kwina, ngati kuti sindinaganizeko zopita. Ndiye kodi zokhumba zimatenga bu ngakhale zili zakale? Nanga chizolowezi chakale, monga kale sindinkamwa tiyi, ndinene kuti yiqian wo bu he cha?