Ndingasiye bwanji kulumikiza ziganizo za eni ake?

Anzanga, ndithandizeni. Ndikulemba nkhani ya kusukulu yokhudza kukokoloka kwa nthaka. Ndinatenga chiganizo m'buku loyamba, china m'buku lachiwiri, n'kusintha timawu pang'ono: pamene panali "chifukwa" ndinaika "kaamba ka". Mayina a olemba ndinawatchula ndithu. Koma aphunzitsi akuti uku n'kuberabe, poti kamangidwe ka ziganizo n'ka eni ake. Zoona, ndikaiwerenga mokweza ikumveka ngati akulankhula anthu atatu.

Ndayesa kutseka buku n'kulemba zimene ndakumbukira, koma mawu omwewo akubwereranso, makamaka pandime zimene sindinazimvetse bwino. Kodi inu mumatani pamenepa? Nanga mawu aukatswiri osasinthika, ndiwaike m'mitengero kapena ndingowasiya choncho?