Labu ya masemafo: magulu awiri akuima pakati, mamaki akufunika mawa

Yamikani: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Labu ya purodyusa ndi konsyuma, bafa ya malo 5, mapurodyusa awiri aliyense manambala 50, makonsyuma awiri. Ndikuchonga ndi `timeout 10 ./pc > out.txt`. Gulu loyamba linalemba purodyusa chonchi:

```c
sem_wait(&mutex);
sem_wait(&empty);
buf[in] = x; in = (in + 1) % N;
sem_post(&mutex);
sem_post(&full);
```

Kuti asinthanitsa mizere iwiri yoyambayo ndikuona, koma anawo akukana kwamtuwagalu, ati pa laputopu yawo imamaliza bwinobwino, ndipo andionetsa ikumalizadi. Gulu lachiwiri ndondomeko ili bwino koma nayonso ikuima, ndipo `out.txt` mulibe kanthu olo mzere umodzi. Pa `top` onse ali pa 0%. Ndiwapatse ziro onse?

aPhiri: Chotsani `mutex` basi. Muli kale ndi `empty` ndi `full`, chachitatucho nchachiyani? Chomwe chikukola ndi chomwecho. Ine yanga ndinalemba popanda ndipo inkayenda.

Tadala: Achimwene mukuyendetsa pa Mac? Kumeneko `sem_init` sigwira ntchito, imangobweza -1, ndiye ngati simuyang'ana zomwe yabweza mumangoona zachilendo. Ine zinandidyera Loweruka lonse, mpaka ndinapita pa `sem_open`.

Yamikani: Ayi, ndi Ubuntu pa makompyuta a mu labu. `-pthread` ndaika, musandifunse.

Mayi Nabanda: Musathamangire ziro aYamikani. Magulu awiriwa akuoneka ngati akudwala chimodzi koma matenda ndi osiyana.

Tiyambe ndi fayilo yopanda kanthuyo, chifukwa ikukunamizani. Mukatumiza zotuluka ku fayilo, `printf` salemba mzere ndi mzere ngati pa sikirini. Amasonkhanitsa kaye mpaka bafa yake idzaze kapena pulogalamu ithe mwamtendere. `timeout` akaipha, zomwe zinasonkhanitsidwazo zimapita nayo. Ndiye fayilo yopanda kanthu sikutanthauza kuti palibe chinachitika. Yendetsani ndi `stdbuf -oL ./pc > out.txt` muonenso. Ndikuganiza kuti gulu lachiwiri mupeza manambala onse 100 alipo.

Gulu loyamba ndi dediloko yeniyeni, kungoti imadikira tsiku lake. Imagwira pokhapokha purodyusa atatenga `mutex` bafa ili yodzadza. Pamenepo amagona pa `empty` atafumbata `mutex`, ndipo konsyuma yemwe akanachotsa chinthu kuti malo apezeke sangalowe. Zili ngati munthu wadzikhomera m'chipinda chosungira katundu, kiyi ali m'thumba, akudikira kuti wina atulutse thumba limodzi. Bafa ikapanda kudzadza, palibe chimachitika. Fufuzani bwino, mwina anaika `sleep` mu purodyusa, ndiye makonsyuma amadya msanga.

Yamikani: Alipodi `usleep` mu purodyusa! Ine ndimachotsa pochonga kuti zithamange.

Mayi Nabanda: Ndi zimenezotu. Muwaitane, musamutsire `usleep` yomweyo mu konsyuma iwo akuona, kapena muike `N` kukhala 1. Iima pamaso pawo.

Gondwe: Ndipo muwaonetse manambala. Onjezani thiredi ina yongoyang'anira, izisindikiza `sem_getvalue` ya masemafo onse atatu ku `stderr` sekondi iliyonse. Ikaima mupeza `empty` ili 0, `mutex` ili 0, `full` ili 5. Ana amakhulupirira manambala kuposa mphunzitsi.

Mayi Nabanda: Njirayo ndi yabwino aGondwe, koma `full` siikhala 5. Makonsyuma awo analembedwa molondola, amayamba ndi `sem_wait(&full)`. Onse awiri amadutsa pamenepo, aliyense nkuchotsapo 1, kenako nkukagona pa `mutex`. Mu bafa muli zinthu 5 ndithu, koma `full` ionetsa 3. Mukawalonjeza 5 nkutuluka 3, anawo akuukirani. Komanso musayembekezere kuona -1 kapena -2 ngati m'manotsi. Pa Linux `sem_getvalue` imabweza 0 ngakhale pali mathiredi angapo odikira. Ofuna kudziwa amene wagona pati apange pulogalamu ndi `-g`, aiyendetse mkati mwa `gdb`, ikaima adine Ctrl+C nkulemba `thread apply all bt`. Muona purodyusa mmodzi pa `empty`, mathiredi atatu enawo pa `mutex`.

Gulu lachiwiri lionetsa zosiyana kotheratu: `empty` 5, `full` 0, `mutex` 1. Palibe wafumbata kanthu. Ntchito inatha, koma makonsyuma ali mu `while (1)` akudikira chinthu cha 101, ndipo `main` ali pa `pthread_join` kudikira iwowo.

aPhiri: Zonsezi nzazitali. Popanda `mutex` gulu loyamba silikanaima, nenani ngati ndikunama.

Mayi Nabanda: Simukunama bambo, silikanaima. Likanamaliza ndi mayankho olakwika, zomwe nzoopsa kuposa kuima. Yanu ija inali ya purodyusa mmodzi ndi konsyuma mmodzi, sichoncho? Pamenepo `in` ali ndi mwini mmodzi, `out` nayenso mmodzi, ndiye masemafo awiri akukwanadi. Apa mapurodyusa ndi awiri. Malo opanda kanthu akakhala 3, onse awiri amadutsa `empty` nthawi imodzi, chifukwa semafo yowerengera imangonena kuti malo alipo angati, sinena kuti ako ndi ati. Onse awerenga `in` ili 2, onse alemba pa `buf[2]`, nambala imodzi yafufutika. Koma `full` yakwera kawiri, ndiye konsyuma adzawerenga malo ena omwe muli zakale.

Gondwe: Zimenezi zinandichitikira kuntchito ina kuno ku City Centre, pa kapulogalamu kolandira mauthenga a malipiro. Chiwerengero cha mauthenga chinkakwana tsiku lililonse, koma kumapeto kwa mwezi ndalama osagwirizana, wina walembedwa kawiri, wina kulibe. Tinkaganiza kuti ndi netiweki, tinavutitsa anthu osalakwa. Kuyambira pamenepo sindikhulupirira kuwerenga mizere. AYamikani, purodyusa woyamba azitulutsa 1 mpaka 50, wachiwiri 51 mpaka 100, makonsyuma aziphatikiza, pamapeto zikwane 5050. Koma aliyense aziphatikiza payekha mudzasonkhanitse pambuyo pa `pthread_join`, apo ayi mwabweretsa vuto lomwelo pa chophatikizacho.

aPhiri: Ine ndayendetsa pompano ndi awiriawiri popanda `mutex`, yamaliza, 5050.

Gondwe: Manambala 100 ndi ochepa madala, mathiredi sanakumane nkomwe. Ikani 1000000, muchotse `printf` mkatimo, muyendetse kambirimbiri. Ndiponso ngati muli pa makina oyerekeza a kholo imodzi ya purosesa, zimabisala kwambiri.

Yamikani: Chabwino. Nanga gulu lachiwiri akonze bwanji? Wina akuti `pthread_cancel`.

Mayi Nabanda: Ayi ndithu, osati kwa ana a chaka chachiwiri. Mukaipha thiredi ili ndi `mutex` m'manja, semafo sidziwa kuti mwini wake wapita, ikhala pa 0 mpaka kalekale. Chophweka nchoti konsyuma aliyense adye 50 nkutuluka. Chabwino koposa, `main` adikire mapurodyusa amalize, kenako aike -1 mu bafa kawiri, imodzi ya konsyuma aliyense, ndipo woipeza atuluke. Koma -1 ameneyo adutse njira yomweyo ya `empty`, `mutex`, `full`. Ndaonapo ana akungomuponyera mu `buf` mwachindunji nkufufuta nambala yomwe inali isanadyedwe. Mukaika imodzi yokha, konsyuma wachiwiri atsala chigonere.

Za mamaki, kwa ine gulu lachiwiri lamvetsa phunziro, ndingadule pang'ono. Loyambalo laphonya pamtima penipeni.

Tadala: Koma pepala la funso linanena kuti pulogalamu izitha yokha? Chifukwa m'manotsi ambiri onse awiri amakhala mu `while (1)`. Mukadula mamaki pa chinthu chomwe simunafunse, apita kwa mkulu wa dipatimenti.

aPhiri: Ndaika 1000000 ndipo ndayendetsa kamodzi, zakwana. Ine ndikuti `mutex` mukuikokomeza. Ndiyesanso madzulo ndikafika ku Area 25, laputopu yatsala pang'ono kuzima.

Gondwe: Ili ndi makholo angati laputopuyo? Lembani `nproc` mutiuze.