Nkhani ya R340 ija yatheka

Sabata yatha ndinafunsa kuti: "Pa sitetimenti ya khadi yanga pali dzina la shopu yomwe sindikuyidziwa, yadula R340, kodi andibera?"

Abale, palibe anandibera, ndalamayo ndinadya ndekha. Ndinatsitsa sitetimenti ya mwezi wonse pa apu ya banki, ndakhala pansi ndi bolopeni, mzere uliwonse womwe ndikuudziwa ndikuchonga, golosale, eyataimu, magetsi, mpaka unatsala umodzi womwewo. Chomwe chinandisokoneza ndi deti. Panalembedwa Lachiwiri, ndiye ine nkumati Lachiwiri ndinali ku ntchito ku Randburg tsiku lonse sindinagule kanthu, osadziwa kuti limenelo ndi tsiku lomwe banki inamaliza kudula, osati lomwe ndinaswaipa. Nditafufuza meseji ya banki ija imabwera pompopompo, inali ya Loweruka masana.

Ndiye dzinalo limayamba ndi YOCO kenako kanyenyezi, YOCO siyo shopu ayi, ndi kampani ya timashini tija ta khadi, dzina la wogulitsa ndi lomwe lili kutsogolo kwa kanyenyeziko, komanso linadulidwa pakati poti malo ndi ochepa. Loweruka ndinali ku Rosettenville kwa amayi aja amagulitsa usipa ndi mpunga wa Kilombero. Ndinapitako dzulo ndinawaonetsa foni, anaseka, akuti ndi dzina lomwe analembetsa bizinesi, pa chitseko sanalembe limenelo. Anayang'ana malonda a tsikulo, R340 ilipo, nthawi yomweyo.

Chondiwawa nchoti khadi ndinali nditabulokesa kale ndi mantha, pano ndikudikira yatsopano, ndipo usipawo unatha kalekale.